Chifuwa Chimene Chimakula Munthu Atasiya Fodya: Kusiyanitsa Chodutsa ndi Chofuna Dokotala

Munthu amene wasuta fodya kwa zaka zambiri akasiya, amayembekezera kuti chifuwa chimene chakhala chikumudzutsa m'mawa uliwonse chiyamba kuzilala. Kwa anthu ambiri zimaterodi, ndipo pakangopita milungu yochepa kutsokomola kumachepa. Koma kwa ena zimayamba mosiyana. Pakatha masiku angapo chisiyireni, chifuwa chimakula, makhololo amachuluka, kummero kumakanda, ndipo munthu uja amayamba kudzifunsa ngati sanalakwitse posiya. Pamenepa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kuyatsanso ndudu kuti chifuwa chikhale chete. Wachiwiri, umene uli woopsa kwambiri, ndi kunena kuti kutsokomola kulikonse kobwera pambuyo posiya fodya ndi mapapo amene akudziyeretsa, ngakhale pamene thupi likusonyeza matenda ena. Chimene chimalekanitsa chifuwa chodutsa ndi chifuwa cha matenda si kukula kwake pa tsiku limodzi ayi, koma kumene chikulowera pakapita milungu, ndiponso zizindikiro zimene chabwera nazo.

Chimene chimachitika m'njira za mpweya

M'kati mwa kholingo ndi timapaipi tonse totsikira m'mapapo muli tiubweya tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timagwedezeka kuposa kakhumi pa sekondi imodzi, tonse molozera kumwamba. Pamwamba pake pamakhala madzi onanda amene amakola fumbi, tizilombo ndi zinyalala zina zolowa ndi mpweya, ndipo tiubweyato timakankha madziwo pang'onopang'ono mpaka kummero, kumene munthu amawameza osazindikira n'komwe. Munthu wosasuta amachita zimenezi usana ndi usiku popanda kutsokomola.

Utsi wa fodya umasokoneza ntchito imeneyi mbali zonse ziwiri. Umafooketsa tiubweya tija, kutifupikitsa ndi kupha tina, komanso umachititsa kuti njira za mpweya zizipanga madzi onanda ochuluka kuposa kale podziteteza ku utsiwo. Zotsatira zake n'zakuti makhololo amachuluka koma owakankha alibe mphamvu, choncho amadikha m'timapaipi mpaka munthu atawatulutsa potsokomola. N'chifukwa chake chifuwa cha osuta chimavuta kwambiri m'mawa. Usiku wonse munthu sasuta, tiubweya timene tatsala timatsitsimuka pang'ono n'kukankha zimene zinadikha masana, ndipo akadzuka amapeza zonse zasonkhana zikudikira kutuluka.

Kusiya fodya kuli ngati kutalikitsa usiku umenewo. Tiubweya timayambanso kugwedezeka, tatsopano timamera, ndipo makhololo akale amayamba kukwera. Koma mbali yopanga makhololo siibwerera mwakale msanga, chifukwa tiziwalo towapanga tinakula ndi kuchuluka pa zaka zonse zosuta, ndiye kwa kanthawi munthu amakhala ndi makhololo ambiri pamodzi ndi tiubweya togwira ntchito mwamphamvu. Ntchito ya tiubweyati imapitiriza kuwongokera kwa miyezi ingapo, kawirikawiri pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9.

Pali chifukwa chachiwiri chimene anthu satchula kawirikawiri, koma chimafotokoza bwino chifuwa chouma chokanda kummero. Njira za mpweya zili ndi mitsempha imene imamva chinthu chachilendo n'kuyambitsa kutsokomola. Mwa munthu wosuta, mitsempha imeneyi imachita dzanzi chifukwa chozolowera utsi, moti amatha kukoka utsi umene ungatsamwitse munthu wosasuta. Akasiya, dzanzilo limayamba kuchoka m'milungu iwiri yoyambirira, ndipo mpweya wozizira, fumbi, perefyumu kapena kuseka kwambiri zimayamba kumutsokomoletsa pamene kale sankazimva. Amene ankasuta ndudu zozizira kummero, zokhala ndi mentholo, angaone kusinthaku kwambiri, chifukwa mentholo amawonjezera dzanzi lija. Kuwonjezera apo, anthu ena amadwala chimfine, kumva kuwawa kummero kapena kutuluka zilonda m'kamwa m'milungu iwiri yoyambirira, ndipo chimfine pachokha chimatha kusiya chifuwa kwa milungu itatu.

Apa ndi pamene msampha woyamba umagwira anthu. Munthu akasuta ndudu imodzi pa tsiku lachisanu chisiyireni, chifuwa chimatha kukhaladi chete kwa maola angapo, ndipo iye amati wapeza umboni wakuti fodya ankamuthandiza. Chachitika n'chakuti utsi wafooketsanso tiubweya ndi kubwezeretsa dzanzi m'mitsempha. Makhololo sanachepe, angosiya kukwera.

Ndiyeneranso kunena kuti amene sanatsokomole kwambiri atasiya fodya asade nkhawa kuti mapapo awo sakuchira. Makhololo ambiri amakwera mwakachetechete n'kumezedwa, ndipo kuchuluka kwa kutsokomola si muyezo wa kuchira.

Maonekedwe a chifuwa chodutsa

Chifuwa chobwera chifukwa chosiya fodya chimayamba m'masiku oyambirira, osati pakatha miyezi iwiri. Chimakula kwa mlungu umodzi kapena milungu ingapo, kenako chimayamba kutsika, ndipo ngakhale chitatenga nthawi kuti chitheretu, mlungu uliwonse umakhala wabwinoko kuposa wapitawo. Chimavuta kwambiri m'mawa n'kuchepa dzuwa likamakwera. Makhololo ake amakhala oyera, otuwa, achikasu pang'ono, kapena a timadontho tabulauni ndi takuda, timene ndi phula la fodya. Chofunika kwambiri n'chakuti munthu mwiniyo amakhala bwinobwino. Thupi silitentha, amadya, nthawi zambiri kuposa kale, ndipo akakwera chitunda kapena masitepe sabanika kuposa mmene ankachitira akusuta.

Tiyerekeze bambo wa zaka 46 amene wasuta ndudu 20 pa tsiku kwa zaka 25, ndipo wasiya Lolemba. Lachinayi akudzuka ndi chifuwa choposa cha masiku onse, akutsokomola mphindi khumi asanatulutse makhololo otuwa a timadontho takuda. Masana akumva kukanda kummero, ndipo akalowa m'chipinda mozizira akutsokomola kangapo. Masiku omwewa ndi amene chibaba cha fodya chimafika pachimake, popeza kusowa kwa nikotini m'thupi kumavuta kwambiri pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, choncho chifuwa chikumupeza ali wokwiya kale ndiponso wosagona bwino, ndipo chikuoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Mlungu wachiwiri makhololo akuchuluka, ndipo minofu ya m'nthiti ikuwawa akatsokomola kapena akaisindikiza ndi chala. Mlungu wachitatu zinthu zili chimodzimodzi. Mlungu wachinayi akuona kuti kutsokomola kwa m'mawa kukutha msanga, timadontho takuda tachepa, ndipo wayenda ulendo umene unkamupumitsa kawiri osaima. Mlungu wachisanu ndi chimodzi chifuwa chatsala cha m'mawa chokha, chocheperapo poyerekeza ndi cha nthawi imene ankasuta. Umu ndi mmene chifuwa chodutsa chimayendera, ndipo bamboyu safunika mankhwala alionse a chifuwa.

Vuto ndi lakuti munthu amene akutsokomola tsiku ndi tsiku sakumbukira bwino mmene zinalili masiku khumi apitawo. Njira yothandiza ndi kulemba pakapepala madzulo alionse zinthu zinayi: kuti chifuwa chavuta nthawi iti, makhololo anali ochuluka motani ndiponso a mtundu wanji, chifuwa chinamudzutsa usiku kapena ayi, ndiponso ngati wabanika pa ntchito imene amaichita masiku onse. Ndi bwinonso kukwera sikelo kamodzi pa mlungu. Anthu ambiri akasiya fodya amanenepako, motero munthu amene wasiya fodya koma akutsika pa sikelo popanda kudzimana chakudya ali ndi chizindikiro chimene sichigwirizana ndi kusiya fodya ngakhale pang'ono.

Zochita kunyumba pamene chifuwa chili chodutsa

Cholinga ndi kuthandiza makhololo kutuluka mosavuta, osati kuwatsekereza. Kumwa madzi okwanira tsiku lonse kumathandiza kuti asalimbe, ndipo chakumwa chofunda kapena supuni yaing'ono ya uchi zimachepetsa kukanda kummero, ngakhale kuti odwala shuga ayenera kusamala ndi uchi. Kuyenda mofulumirako kwa mphindi 20 kapena 30 kumachititsa munthu kupuma mozama, ndipo makhololo amasuntha. Utsi wa anthu ena osuta, utsi wa moto, fumbi ndi mankhwala opopera a fungo lamphamvu ndi zoyenera kuzipewa m'milungu imeneyi.

Katsokomoledwe nakonso kali ndi njira yake. Kutsokomola mwamphamvu mobwerezabwereza kumatupitsa kummero, kummero kotupa kumakanda, ndipo kukandako kumabweretsa kutsokomola kwina. M'malo mwake, khalani tsonga, pumani mozama katatu kapena kanayi mukusunga mpweya masekondi atatu nthawi iliyonse, kenako tulutsani mpweya mwamphamvu pakamwa pali potsegula, monga mmene munthu amachitira pouzira galasi kuti lichite nthunzi alipukute. Mukatero kawiri kapena katatu makhololo amafika pamwamba, ndipo kutsokomola kamodzi kokha kumawatulutsa.

Mankhwala oletsa kutsokomola, makamaka okhala ndi kodini, si oyenera pa chifuwa cha makhololo, chifukwa amatseka njira imene thupi likutulutsira zinyalala, ndipo kodini amazoloweretsa. Mankhwala opha mabakiteriya, monga amokisilini, alibe chochita pa chifuwa chotere. Makhololo achikasu kapena obiriwirako paokha si umboni wakuti munthu akufunika mankhwala amenewa, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumatha kuchedwetsa munthu kupita kukapimitsa matenda amene alipodi. Tiyi ndi mapiritsi ogulitsidwa ndi lonjezo lotsuka mapapo sindikuonapo phindu lake, popeza palibe chakumwa chimene chimadutsa m'timapaipi ta mpweya n'kuchotsamo phula.

Pamene gwero lili kwina

Chifuwa chikapanda kutsatira njira imene tafotokozayi, choyamba ndi kufunsa chimene chinasinthanso pa nthawi imene munthu anasiya fodya.

Zothandizira kusiya fodya zina zimatsokomoletsa. Chingamu cha nikotini chikatafunidwa mofulumira ngati chingamu wamba chimatulutsa nikotini wambiri nthawi imodzi, amene amawotcha kummero, kuyambitsa ntchirikwi ndi chilungulira. Katafunidwe koyenera ndi kutafuna pang'ono mpaka mutamva kuyabwa m'kamwa, kenako kuchiika pakati pa tsaya ndi nkhama mpaka kuyabwako kutatha, ndiyeno kutafunanso. Nikotini wopopera m'kamwa kapena wokoka naye amakanda kummero, pamene wa chigamba chomata pakhungu sadutsa kummero n'komwe, choncho kusinthira ku chigamba kumatha kusonyeza ngati gwero linali limeneli. Amene asiya ndudu n'kuyamba ndudu zamagetsi adziwe kuti chifuwa chouma ndi kukanda kummero ndi madandaulo ofala kwa oyamba kuzigwiritsa ntchito.

Tibwerere kwa bambo uja, koma tsopano nkhani yake ipatuke. Mlungu wachisanu chifuwa chinali chitatsika, koma mlungu wachisanu ndi chiwiri chabweranso, tsopano chouma, chopanda makhololo, chokanda ngati pakhosi pali nthenga, ndipo chikumuvuta usana ndi usiku. Thupi silikutentha ndipo sakubanika. Chifuwa chimene chinatsika kenako n'kubweranso ndi maonekedwe ena si cha kusiya fodya. Atafunsidwa bwino, akukumbukira kuti pamene anasiya fodya anapitanso kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo anapatsidwa mapiritsi a enalapulilo. Mankhwala a gulu limeneli, amene ena mwa iwo ndi kaputopulilo ndi lisinopulilo, amayambitsa chifuwa chouma mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu khumi alionse owamwa, ndipo chimatha kuyamba patapita masiku, milungu ngakhale miyezi. Chothetsa chake si kusiya mankhwalawo payekha, popeza magazi angathamangenso, koma kubwerera kwa dokotala kuti asinthe n'kupereka a gulu lina, monga losatani kapena amulodipini. Chifuwacho chimatha pakati pa mlungu umodzi ndi milungu inayi atasintha, ngakhale kuti kwa ena chimachedwa mpaka miyezi itatu.

Chilungulira nachonso chimatsokomoletsa, makamaka munthu akagona atangodya kumene, ndipo popeza osiya fodya amakonda kudya kwambiri madzulo pofuna kuiwala chibaba, vutoli limatha kukula pa nthawi yomweyi. Kusiya maola atatu pakati pa chakudya ndi kugona, ndi kukweza kumutu kwa bedi, ndi njira yosavuta yoyesera. Mamina otsikira kummero kuchokera kumbuyo kwa mphuno amachititsa munthu kukhosomola pang'onopang'ono tsiku lonse ngati akukonza pakhosi. Chifuwa cha usiku kapena cha m'bandakucha chokhala ndi kulira kwa m'chifuwa popuma chimaloza ku mphumu, imene mwina inalipo kale koma inkabisala kumbuyo kwa dzina lakuti chifuwa cha fodya.

Zofuna chipatala nthawi yomweyo

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche. Munthu amene akubanika atangokhala pansi, kapena amene sangathe kumaliza chiganizo osapumira, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi amene milomo kapena lilime zasanduka zotuwa kapena zabuluu, amene wasokonezeka maganizo kapena akungosinza mosadziwika bwino, ndi amene akutsokomola magazi enieni opitirira timizere, kapena magazi amene sakuleka. Kupweteka kwa pachifuwa kokhala ngati munthu wakupanikizani, kofalikira kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, kungakhale kwa mtima, ndipo munthu amene wasuta zaka zambiri amakhalabe pa chiopsezo chimenechi m'miyezi yoyambirira atasiya. Kubaya kwadzidzidzi mbali imodzi ya chifuwa kobwera ndi kubanika kungatanthauze kuti papo labooka n'kuphwa, zimene zimachitika kwambiri mwa osuta kuposa mwa osasuta, kapena kuti magazi oundana atseka mtsempha wa m'mapapo, makamaka ngati mwendo umodzi watupa. Kusiyana kwake ndi kuwawa kwa minofu kumene bambo uja anamva n'kwakuti kuwawa kwa minofu kumabwera pang'onopang'ono, kumamveka posindikiza ndi chala, ndipo sikubanikitsa.

Kutentha thupi kofika madigiri 38 kapena kuposa, kunjenjemera, kupuma mofulumira, kubaya m'nthiti pokoka mpweya ndi makhololo a mtundu wa dzimbiri ndi zizindikiro za chibayo, ndipo zimafuna kuonedwa tsiku lomwelo. Kusiya fodya sikutenthetsa thupi.

Zofuna dokotala m'masiku ochepa

Magazi m'makhololo, ngakhale kamzere kamodzi, ndi chifukwa chokwanira chokaonana ndi dokotala kwa munthu amene wasuta zaka zambiri. N'zoona kuti kutsokomola mwamphamvu kumatha kung'amba kamtsempha kakang'ono, ndipo nthawi zambiri gwero limakhala limeneli kapena m'mphuno ndi m'nkhama, koma palibe njira yodziwira zimenezi muli kunyumba. Anthu amasokoneza phula ndi magazi akale chifukwa zonse zimaoneka zabulauni. Phula limakhala timadontho kapena timizere takuda mkati mwa makhololo otuwa ndipo limachepa mlungu ndi mlungu, pamene magazi amapaka makhololo onse mtundu wofiira, wapinki kapena wadzimbiri. Ngati mukukayika, kakayikireni kuchipatala.

Zina za gulu limeneli ndi kuwonda popanda chifukwa, kusafuna kudya, kutuluka thukuta usiku mpaka zofunda kunyowa, kutentha thupi kobwerabwera madzulo, mawu osasa kopitirira milungu itatu, kupweteka kosatha kwa chifuwa, phewa kapena msana, zotupa m'khosi kapena pamwamba pa fupa la kutsogolo kwa phewa, kuvutika kumeza, ndi chibayo chimene chikubwerezabwereza. Zizindikirozi zimaloza makamaka ku matenda awiri, chifuwa chachikulu ndi khansa ya m'mapapo. Kubanika kumene kukukulirakulira, kapena chifuwa chovuta munthu akagona chagada pamodzi ndi kutupa kwa mapazi, kumafuna kuti mtima nawo upimidwe.

Za chifuwa chachikulu pali chosokoneza chimene chiyenera kufotokozedwa bwino. Langizo lodziwika ndi lakuti munthu amene watsokomola milungu iwiri kapena kuposa akayezetse makhololo, koma chifuwa chodutsa chija nachonso chimapitirira milungu iwiri, ndipo wosuta amakhala kuti wakhala akutsokomola zaka. Ambiri pamenepa amati langizolo silikuwakhudza. Ine ndikuona kuti likuwakhudza kuposa ena onse, chifukwa kusuta kumawonjezera pafupifupi kawiri chiopsezo chodwala chifuwa chachikulu, ndipo chifuwa cha fodya chimabisa chiyambi cha matendawa kwa miyezi. Munthu amene amakhala kumene matendawa ndi ofala, amene wakhala nyumba imodzi ndi wodwala, amene anadwalapo kale, kapena amene ali ndi matenda a shuga, akayezetse makhololo chifuwa chikakula kwa milungu iwiri, ngakhale akuganiza kuti gwero ndi kusiya fodya. Amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi asadikire ngakhale milungu iwiriyo. Poyezetsa, makhololo ayenera kuchokera pansi m'chifuwa, osati malovu a m'kamwa, chifukwa malovu amatha kupereka zotsatira zakuti mulibe matenda pamene alimo.

Za khansa, chinthu choyenera kumvetsa n'chakuti kusiya fodya kumachepetsa chiopsezo pang'onopang'ono pa zaka zambiri, mpaka kufika pafupifupi theka pakatha zaka 10 kapena 15 poyerekeza ndi amene akusutabe, koma m'miyezi yoyambirira chiopsezocho chimakhala chisanasinthe. Ndiponso anthu ena amasiya fodya chifukwa chakuti thupi layamba kale kuwavuta, kapena fodya wangosiya kuwakomera, moti matenda amakhala kuti analipo asanasiye. Choncho munthu amene chifuwa chake chinasintha kamvekedwe asanasiye fodya asachiwerengere m'gulu la chifuwa chodutsa.

Chifuwa chopanda zizindikiro zina koma chosatha

Ngati palibe chilichonse mwa zizindikirozi, muyezo ndi nthawi. Chifuwa chimene chikukulirabe pakatha milungu itatu kapena inayi chisiyireni, osasonyeza kutsika, chiyenera kuonedwa ndi dokotala, makamaka kwa munthu wopitirira zaka 40. Chifuwa chilichonse chimene chafika milungu 8 madokotala amachitcha chokhalitsa, ndipo chimafuna kufufuzidwa ngakhale chitakhala kuti chachepako.

Kuchipatala mudzafunsidwa kuchuluka kwa fodya amene munasuta, ndipo ndi bwino kupita mutawerengeratu. Madokotala amatenga paketi ya ndudu 20 pa tsiku kwa chaka chimodzi ngati muyezo umodzi. Bambo wathu uja ali ndi miyezo 25, pamene wosuta ndudu 10 pa tsiku kwa zaka 30 ali ndi miyezo 15. Tengani kapepala kanu ka zolemba za madzulo ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ndipo nenani tsiku limene munasiya fodya. Tsikuli ndi lofunika pa chifukwa chinanso: utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, monga aminofilini wa mphumu ndi kulozapini kapena olanzapini a matenda a maganizo, choncho munthu akasiya fodya mankhwalawa amatha kuchuluka m'magazi ndipo mlingo wake umafunika kuunikanso.

Kawirikawiri dokotala amamvetsera chifuwa, kuyeza mpweya wa m'magazi pachala, kutumiza makhololo kukayezedwa ndi kujambula chifuwa pa ekisire. Ekisire ili ndi malire ake. Imaonetsa bwino chibayo ndi matenda ambiri a chifuwa chachikulu, koma chotupa chaching'ono kapena chobisala kumbuyo kwa mtima ndi mafupa chimatha kusaoneka. Motero ngati chithunzi chatuluka chabwino koma magazi akuonekabe m'makhololo, kapena munthu akupitiriza kuwonda, ayenera kubwereranso n'kunena momveka kuti zizindikiro sizinathe, kuti aganizire za sikani yojambula mapapo mozama kapena kuunika m'njira za mpweya ndi kapaipi ka kamera.

Pali anthu amene zonsezi zimatuluka zabwino koma chifuwa cha makhololo chimakhalabe. Munthu akamatsokomola makhololo masiku ambiri kwa miyezi itatu pa chaka, zaka ziwiri zotsatizana, ndiye kuti njira zake za mpweya zili ndi kutupa kokhalitsa, ndipo ngati akubanikanso poyenda, nkutheka kuti timapaipi tinachepa ndipo timatumba ta mpweya tinawonongeka. Matenda amenewa saoneka bwino pa ekisire akadali poyambira. Amadziwika pouzira m'kachipangizo kotchedwa sipirometa, kamene kamayerekeza mpweya umene munthu watulutsa pa sekondi yoyamba ndi mpweya wonse umene watulutsa. Ngati wa sekondi yoyambayo sukufika magawo 70 pa 100 alionse ngakhale atapatsidwa mankhwala otsegula njira za mpweya, ndiye kuti njirazo zinachepadi. Timatumba towonongeka sitimeranso, koma kusiya fodya kumachepetsa liwiro limene mapapo ankafookera nalo, ndipo makhololo amapitiriza kuchepa m'chaka choyamba. Munthu wotere amapatsidwa mankhwala opopera otsegula njira za mpweya, amalangizidwa za katemera wa chibayo ndi wa chimfine chachikulu, ndipo amauzidwa kuti tsiku limene makhololo achuluka mwadzidzidzi, asintha mtundu, ndipo kubanika kwawonjezeka kuposa masiku onse, abwere kuchipatala osadikira tsiku limene analemberedwa.